Matumba a lesitilanti apita kuti?

Mwezi ukatha, akauntanti amabweretsa pepala limodzi losonyeza ndalama zimene lesitilanti yapeza, zimene yagwiritsa ntchito ndi zimene zatsala. Eni malo ambiri akalilandira maso amathamangira pansi penipeni, pamzere wa phindu. Pakakhala kanthu amamwetulira, pakapanda kanthu amakalipira aliyense amene wadutsa pafupi, kenaka pepalalo limalowa m'dirowa. Koma mzere wapansiwo umangokuuzani kuti zinthu zavuta, sukuuzani pamene zavutira. Nkhani yonse ili pa mizere itatu ya pakati: chakudya, antchito ndi lendi.

Kuti timvane bwino, taganizani za mlimi amene wabwereka munda n'kukolola matumba 100 a chimanga. Sanena kuti matumba onsewo ndi ake. Ena apita kukabweza mbewu ndi feteleza, ena apita kwa aganyu amene anapalira ndi kukolola, ena ndi a mwini munda. Otsalawo ndiwo ake. Pepala la lesitilanti limawerengedwa chimodzimodzi. Ndalama zonse zimene mwagulitsa pamwezi, kaya ndi zochuluka kaya ndi zochepa, zitengeni ngati matumba 100, ndipo pamzere uliwonse muzifunsa kuti uyu watenga matumba angati. Masamu ake ndi osavuta: tengani ndalama ya pamzerepo, gawani ndi zogulitsa zonse, chulukitsani ndi 100. Ndiyo peresenti ija imene akauntanti ena amaiika kumbali ndipo ena amaiiwala. Ngati wanu saika, muuzeni aziika.

Tiyeni titenge lesitilanti yongoyerekeza, ya m'tauni, yophika nsima, mpunga ndi tchipisi, imene imadzaza masana anthu akaweruka kukadya. Manambala ake ndi achitsanzo chabe, koma kayendedwe kake ndi kamene kamachitika.

Mu Malichi inagulitsa za K20,000,000. Chakudya chinatenga K7,600,000, omwe ndi matumba 38. Antchito anatenga K4,000,000, matumba 20. Lendi inali K1,800,000, matumba 9. Magetsi, madzi, gasi, makala ndi mafuta a jenereta zinatenga matumba 8, ndipo zina ndi zina, monga sopo, mbale zosweka, laisensi ndi kukonzetsa zinthu, zinatenga 10. Mwini anatsala ndi matumba 15, kutanthauza K3,000,000.

Pofika Juni zogulitsa zinatsika kufika pa K18,000,000. Chakudya chinakwera kufika pa K8,100,000, antchito K4,500,000, lendi inakhala pompaja pa K1,800,000. Atachotsa magetsi ndi zina zija, phindu linali K180,000 basi. Mwini malo akaona chonchi mawu oyamba kutuluka m'kamwa amakhala akuti bizinesi yatsika, anthu alibe ndalama. N'zoona kuti yatsika, koma yatsika ndi K2,000,000 yokha, pamene phindu lagwa ndi K2,820,000. Ndiye kuti pali china. Mukawerenga m'matumba chimaonekera poyera: chakudya chachoka pa 38 kufika pa 45, antchito pa 20 kufika pa 25, lendi pa 9 kufika pa 10, magetsi pa 8 kufika pa 9. Matumba 14 asowa, ndipo theka lake lasowera kukhitchini.

Musanayambe kufufuza, onetsetsani kuti mzere woyambawo, wa zogulitsa, ndi woona. Ngati lesitilanti yanu inalembetsa msonkho wa VAT, ndalama ya msonkhoyo si yanu, mumangoisungira a MRA, choncho iyenera kuchotsedwa pa zogulitsa. Ikasiyidwa momwemo, maperesenti onse a m'munsi amaoneka okongola kuposa mmene alili.

Chakudya ndi chimene chili ndi nkhani yaitali, chifukwa ndi chokhacho mwa zitatuzi chimene chimayenera kuyenda limodzi ndi malonda. Makasitomala akachepa, nkhuku zophikidwa zichepenso. Ndiye mukaona zogulitsa zatsika koma ndalama ya chakudya yakwera, ngati mmene zachitikira mu Juni, musavomere msanga kuti ndi mmene zinthu zilili masiku ano.

Funso loyamba n'lakuti nambalayo yapezeka bwanji. Malo ambiri amangophatikiza malisiti a zonse zimene zagulidwa pamwezi n'kunena kuti ndiwo mtengo wa chakudya. Ayi. Zogulidwa n'zina, zogwiritsidwa ntchito n'zina. Mukagula matumba asanu a mpunga pa 29 mwezi, mpungawo sunadyedwe, uli m'sitolo. Njira yoyenera ndi iyi: katundu amene analipo pa 1 mwezi, kuphatikiza amene mwagula, kuchotsa amene watsala pa tsiku lomaliza. Pa lesitilanti yathuyi, Juni anayamba ndi katundu wa K1,200,000, anagula wa K8,400,000, ndipo pakutha pa mwezi munatsala wa K1,500,000. Chodyedwa ndi K8,100,000. Kuti nambala imeneyi ituluke, pafunika munthu alowe m'sitolo ndi m'filiji usiku wa tsiku lomaliza, awerenge nkhuku imodziimodzi, ayeze mafuta, akweze ufa pasikelo. Ndipo wowerengayo asakhale yemwe uja amasunga makiyi. Ngati papepala lanu katundu wotsala amakhala nambala imodzimodzi mwezi ndi mwezi, dziwani kuti palibe amene akuwerenga, akungokopera ya mwezi watha.

Tsono tinene kuti nambala ndi yoona. Chakudya chikanakhala pa matumba 38 ngati mu Malichi, pa malonda a K18,000,000 chikanadya K6,840,000. Chadya K8,100,000. Tikufunafuna K1,260,000, ndipo tiyambire pa mbale imene imayenda kwambiri, ya nkhuku ndi tchipisi, yogulitsidwa K8,000.

Mu Malichi nkhuku imodzi inkagulidwa K7,600 n'kudulidwa panayi, ndiye kuti chiwalo cha pambale chinali K1,900. Mbatatesi K600, mafuta ophikira K300, kabichi, tomato ndi mchere K200. Mbale yonse inkadya K3,000. Pofika Juni nkhuku yafika pa K9,200, chiwalo chili pa K2,300, mafuta akwera kufika pa K400. Mbale ija tsopano ikudya K3,500, koma pamenyu pakadali K8,000, chifukwa mwini akuopa kuti akakweza makasitomala athawira kwa oyandikana nawo. Mu Juni anagulitsa mbale zoterezi 1,000. K500 pa mbale iliyonse ndi K500,000. Gawo loyamba lapezeka, ndipo palibe wolakwa, ndi mitengo ya pamsika.

Mbale 1,000 zimafuna nkhuku 250. Werengani nkhuku monga tinawerengera katundu yense uja: zimene zinalipo, zogulidwa, zotsala. Mupeza kuti zatha nkhuku 290. Nkhuku 40 zatuluka m'filiji osadutsa pakauntala, zomwe ndi K368,000. Apa ndi pamene pamafunika mtima wodekha, chifukwa nkhuku zimasowa m'njira zambiri. Wophika watsopano akhoza kukhala ndi dzanja lolemera, n'kumadula patatu nkhuku ikaoneka yaing'ono. Magetsi anazima usiku wonse, jenereta sanaiyatse, m'mawa zina zinatayidwa popanda wolemba. Achibale a bwana amabwera Loweruka lililonse n'kudya osalipira, ndipo kunena zoona khomo limeneli eni malo ambiri sakonda kuliyang'ana. Kapena nkhuku zikutulukira kuseri, zitakulungidwa m'jumbo ya zinyalala. Kwa mlimi uja, awa ndi anankafumbwe: thumba limaoneka lodzadza, koma mukalinyamula lapepuka.

Pali njira inanso imene imasokoneza anthu. Chakudya chaphikidwa bwinobwino, kasitomala wadya, walipira, koma ndalama sinalembedwe, yalowa m'thumba la wolandira. Kukhitchini kulibe vuto, koma peresenti ya chakudya imakwera, chifukwa nkhuku yatha pamene zogulitsa sizikuoneka. Mwini amakalipira wophika pamene dzenje lili pakauntala. Chozindikirira chake n'chosavuta: mbale isatuluke kukhitchini popanda kapepala ka oda kokhala ndi nambala, ndipo madzulo mapepala a kukhitchini afanane ndi malisiti a pakauntala. Akasiyana masiku atatu otsatizana, mwadziwa koyang'ana.

Tapeza K868,000. Yotsala K392,000 ili m'zinthu zina, ndipo imafufuzidwa mwa njira yomweyo: nyama ya ng'ombe, chambo, mafuta ophikira, mpunga. Simufunika kuwerenga mchere ndi machesi. Zinthu zisanu zodula kwambiri ndi zimene zimanyamula gawo lalikulu la ndalama ya chakudya, ndipo zimenezo muziziwerenga sabata iliyonse, osadikira mwezi. Muonenso ngati makasitomala asintha zimene akuitanitsa. Nsima ya nyemba ndi masamba imadya zochepa poyerekeza ndi mtengo wake, chambo chimadya zambiri. Mwezi umene chambo chayenda kwambiri, peresenti ya chakudya ikhoza kukwera popanda cholakwika, ndipo mwina ndalama yotsala pambale iliyonse yachuluka kumene. Zakumwa za m'botolo zizikhala ndi mzere wakewake, chifukwa zikasakanizidwa ndi chakudya zimabisa vuto la kukhitchini.

Antchito ali ngati aganyu a mlimi uja, koma ndi kusiyana kumodzi kofunika: waganyu amabwera ntchito ikakhalapo, pamene wophika ndi operekera zakudya amalandira malipiro kaya kwabwera anthu kaya sikunabwere. Choncho mzere umenewu suyenda ndi malonda tsiku ndi tsiku. Umakwera mwini akalemba munthu, ndipo kutsika kwake n'kovuta.

Kukwera kwa matumba 20 kufika pa 25 kuli ndi mbali ziwiri, ndipo muzizilekanitsa. Malipiro akanakhala pa K4,000,000 pompaja, pa malonda a K18,000,000 akanakhala matumba 22 ndi pang'ono. Matumba awiriwo abwera chifukwa malonda atsika, palibe amene wawonjezeredwa ndalama. Atatu enawo ndi K500,000 yatsopano. Mukatsegula buku la malipiro mupeza kuti mu Epulo, zinthu zikuyenda, analemba operekera zakudya awiri pa K150,000 aliyense. Awiriwa sakudya K300,000 yokha, chifukwa lamulo la penshoni m'Malawi limafuna kuti wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro, ndiye yafika K330,000. K170,000 yotsala ndi ovataimu. Tsono taonani chodabwitsa: anthu awonjezeka, makasitomala achepa, koma ovataimu yakwera. Zimenezi siziyendera limodzi. Ndiye kuti mashifiti sakukonzedwa bwino, kapena maola akulembedwa popanda woona.

Ambiri akafika apa amaganiza zochotsa anthu. Ine ndinganene kuti muyambe mwayang'ana maola. Lembani zogulitsa za sabata imodzi pa ola lililonse. Malo ngati awa amapeza ndalama zambiri pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana, koma mwina amatsegula mpaka 9 koloko usiku ali ndi antchito asanu. Ngati madzulo onse akugulitsa za K90,000, chakudya chikatenga gawo lake patsala pafupifupi K50,000. Malipiro a anthu asanuwo pa tsiku, magetsi ndi galimoto yowatula kunyumba usiku zikhoza kupitirira pamenepo. Ndiye kuti madzulo aliwonse mukulipira ndalama kuti chitseko chikhale chotsegula. Kutseka 6 koloko, kapena kusiya anthu awiri okha, kumachiza zambiri popanda kuthamangitsa munthu.

Chenjerani ndi mbali inayo. Mzere wa antchito ukakhala wotsika kwambiri si nthawi zonse pamene ndi nkhani yabwino. Anthu akachepa masana, chakudya chimachedwa, wa ku ofesi amene ali ndi ola limodzi lokha sabweranso, ndipo vutolo limakaonekera pamwamba, pa zogulitsa, patapita miyezi iwiri. Komanso malo ambiri a pabanja amaoneka ngati ali ndi phindu chifukwa mayi, bambo ndi mwana wa mlongo amagwira ntchito osalandira kanthu. Dzilembereni malipiro amene mukanapatsa manijala wolembedwa ntchito. Ngati phindu lonse lathera pomwepo, ndiye kuti mwangodzilemba ntchito nokha, malowo sanayambe kubala. Chakudya chimene antchito amadya masana nachonso chilembedwe padera, chifukwa ndi gawo la mtengo wa antchito, ngakhale chimachokera mumphika womwewo.

Chakudya ndi antchito mukaziphatikiza mumapeza nambala imene odziwa ntchitoyi amaiyang'ana koyamba. Mu Malichi inali matumba 58, mu Juni yafika 70. Alangizi a malesitilanti a ku America amakonda kunena kuti ziwirizi zisapitirire 60 mpaka 65, chakudya chizikhala pakati pa 28 ndi 35, antchito cha m'ma 30. Malirewo anapangidwira dziko limene malipiro ndi okwera. Kwathu kuno kawirikawiri chakudya ndi chimene chimalemera kuposa malipiro, choncho musadandaule ngati manambala anu sakufanana ndi amenewo. Chothandiza pa malirewo ndi chiphatikizo chija: chikafika 70, matumba 30 otsalawo sangakwanire lendi, magetsi, zokonzetsa ndi inuyo. Ndipo muyeso wabwino kuposa wa m'mabuku ndi miyezi yanu yomwe. Ikani mapepala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pamodzi patebulo, ndi la mwezi womwewo chaka chatha ngati lilipo, muone mzere umene ukusuntha.

Lendi ndi mwini munda. Iye amatenga matumba ake kaya mvula yagwa kaya kwachita ng'amba. Ndiye mukaona lendi yachoka pa 9 kufika pa 10 pamene landilodi sanakweze kanthu, musavutike kufufuza, ikungokuuzani kuti malonda atsika. Ntchito yake yeniyeni ndi kukuuzani kukula kwa malonda amene malowo akufuna. Ambiri amati lendi isapitirire matumba 10. Pa lendi ya K1,800,000, ndiye kuti pakufunika malonda a K18,000,000 pamwezi, kapena pafupifupi K692,000 pa tsiku ngati mumatsegula masiku 26. Pa K8,000 mbale, ndi mbale 87. Funsani ngati mipando yanu ndi khitchini yanu zingatulutse mbale zimenezo tsiku ndi tsiku. Masamu amenewa ndi ofunika kuwachita musanasaine pangano la nyumba, chifukwa mukasaina, kudula nkhuku mosamala sikungawabweze.

Pa lendi pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa kalembedwe. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Akauntanti akalemba K5,400,000 yonse m'mwezi umene yalipidwa, mwezi umenewo umaoneka ngati maliro, iwiri yotsatirayo ngati ukwati, ndipo simungayerekeze chilichonse. Mwezi uliwonse usenze K1,800,000 yake. N'chimodzimodzi laisensi ya pachaka ndi inshuwalansi: zigawidwe pa miyezi 12. Filiji yatsopano nayonso isaponyedwe yonse pa mwezi umodzi.

Wachiwiri uli m'pangano. Werengani ngati lendi imakwera chaka ndi chaka ndi peresenti yoikika, ngati pali ndalama ina ya alonda ndi zinyalala imene yabisala pa mzere wa zina ndi zina, komanso ngati mtengo wake unamangiriridwa ku dola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Lendi ya K1,800,000 yomangiriridwa ku dola ikanalumpha kufika pafupifupi K2,600,000, omwe pa malonda a Juni ndi matumba opitirira 14. Pamenepo njira ndi zitatu zokha: kukambirana ndi landilodi, kupeza malonda ena pa malo omwewo monga chakudya cha m'mawa kapena kuphikira misonkhano, kapena kusamuka.

Za kuphikira misonkhano, pepala la phindu limalemba malondawo tsiku limene chakudya chaperekedwa, ngakhale ofesi imene inaitanitsa idzalipire patapita miyezi iwiri. Mukhoza kukhala ndi phindu papepala koma mulibe yogulira nkhuku za mawa. Ngongole imene mukubweza ku banki nayonso siioneka yonse papepalali, pamaoneka chiwongoladzanja chokha. Choncho lizipita limodzi ndi sitetimenti ya ku banki ndi mndandanda wa amene ali nanu ngongole.

Mwini lesitilanti yathu ija akachita zimene pepala la Juni likumuuza, manambala amayenda chonchi. Akakweza mbale ya nkhuku kufika pa K8,500, ndipo makasitomala osathawa, abweza K500,000. Akatseka njira ya nkhuku 40 zija abweza K368,000. Akakonza mashifiti n'kuthetsa ovataimu abweza K170,000. Zonse pamodzi ndi K1,038,000, ndipo phindu lichoka pa K180,000 kufika pa K1,218,000 popanda kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. Pa zitatuzi, kukweza mtengo ndiko kuli ndi chiopsezo, chifukwa anthu amatha kuwoloka msewu kukadya kwina. Choncho yambani ndi za m'nyumba mwanu, zimene kasitomala saziona. Muuzeni akauntanti kuti pepala lizifika pasanathe masiku 10 mwezi utatha, lili ndi maperesenti kumbali ndi mwezi wapitawo pafupi, ndipo usiku wa tsiku lomaliza la mwezi uno mukalowe nokha m'sitolo ndi kope ndi sikelo.